Kumanga bedi losanjikiza la ana: zoyenera kuyeza mwana asanagonepo

Fodya, soya ndi nandolo zikagulitsidwa, mabanja ambiri a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amagula katundu wa m'nyumba. Pakhomo pamene ana achuluka koma chipinda chawo n'chimodzi, ena amasankha bedi losanjikiza, lija limagoneka mwana mmodzi pansi wina pamwamba. Mbali ino ambiri amalitchula belishi, dzina lochokera ku Chipwitikizi, pamene a tsidya la Chiponde ndi Namwera amati dabulodeka. Bedi lotere silifika pakhomo lili chilili. La kusitolo limabwera m'katoni, lili zidutswazidutswa, pamodzi ndi kathumba ka mabawuti ndi pepala la zithunzi. Ngakhale kalipentala kapena wowotcherera zitsulo wa pamsika amalipanga lomasuka kuti likwere pa shapa kapena pa ngolo. Ntchito yolumikiza imatsalira makolo.

Makolo ambiri akamamanga amaopa chinthu chimodzi, chakuti bedi lingagwe usiku. Manthawo ndi oyenera, koma ngozi yoopsa kwambiri pa mabedi amenewa imachitika bedi lili chiimire. Mwana wamng'ono amalowetsa miyendo pampata wa pakati pa matabwa awiri, thupi lonse n'kutsatira, mutu n'kukana kudutsa. Popeza ali pamwamba, mapazi safika pansi, ndiye amalendewera pakhosi osatha ngakhale kulira. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, CPSC, linalemba kuti m'zaka za m'ma 1990 ana 57 anamwalira atapanikizika pa mabedi osanjikiza, ndipo pafupifupi onse anali a zaka zitatu kapena kucheperapo. Dzikolo linakhazikitsa lamulo la kapangidwe ka mabedi amenewa lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2000. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 747, ndipo manambala ambiri amene ali m'nkhani ino ndi ochokera kumeneko. Choncho chida chofunika kwambiri pa tsiku lomanga si hamala. Ndi tepi yoyezera, kapena lula ya mwana wa sukulu ya masentimita 30.

Katoni isanatsegulidwe

Funso loyamba ndi lakuti adzagona pamwamba ndani. Malangizo a ku Ulaya ndi a ku America amagwirizana kuti mwana wosakwana zaka 6 asagone pamwamba. Mwana wotere amagubuduka kwambiri kutulo, thupi lake ndi laling'ono moti limadutsa pamipata yopapatiza, ndipo akadzuka usiku kufuna kukataya madzi amaiwala kuti ali m'mwamba. Mwana wamkulu amene amayenda kutulo kapena amene amadwala khunyu nayenso malo ake ndi pansi. Ngati ana onse a m'nyumbamo ndi aang'ono, mabedi ambiri a mtundu uwu amatha kuikidwa awiri pansi, n'kudzawasanjikiza patsogolo.

Funso lachiwiri ndi la denga, ndipo ili ndi limene limaiwalika. Nyumba zambiri za m'midzi zilibe siling'i, ndipo denga limatsika kwambiri chakukhoma lakunja. Tiyerekeze banja la ku Massangulo lomwe lagula bedi ku Cuamba. Matabwa ogonekapo matilesi a pamwamba adzakhala masentimita 125 kuchokera pansi, ndipo matilesi adzawonjezera masentimita 10, kukhala 135. Pakhoma pamene bambo amafuna kuikapo bedi, phaso lili pa masentimita 205. Ndiye kuti pamwamba pa matilesi patsala masentimita 70 okha. Mwana wawo wa zaka 8 atamukhazika pansi mowongoka n'kumuyeza kuyambira pamene wakhala kufika pamutu, apeza 68. Mwana ameneyu akhoza kugunda phaso mosavuta akadzuka, ndipo mapaso ambiri amakhala ndi misomali ya malata yotulukira mkati. Akasunthira bedi kukhoma lapakati, kumene denga lili pa 240, mpata ukhala 105, ndipo vuto latha asanamange bawuti ngakhale limodzi. Kusunthaku kumathandizanso mu Okutobala, pamene malata amatentha ngati chiwaya. Bedi lisayandikirenso windo, waya wa sola kapena babu lolendewera lomwe mwana angalifikire ali pamwamba.

Pansi napo payesedwe. Simenti ya m'nyumba zambiri ndi yosasalala, ndipo pozira ndi dothi pamakhala tizigwa. Thabwa lalitali lowongoka likagonekedwa pamene padzaime miyendo limaonetsa msanga pamene pali dzenje. Pa dothi ndi bwino kukumbirira njerwa yootcha kapena mwala wafulati pansi pa mwendo uliwonse, zonse zinayi zilingane ndi pansi, kuti miyendo isamire komanso chiswe chisapeze njira yachidule. Kutsamiritsa mwendo pa kamwala kongoika pamwamba kapena pa katoni yopinda n'kosathandiza, chifukwa zimachoka mwana akangokwera kangapo.

Kuwerenga zidutswa

Zidutswa zonse ziyalidwe pa mphasa, ndipo mabawuti, manati ndi tizikhomo tamtengo ziikidwe m'mbale kuti zisasowe m'fumbi kapena kulowa m'kamwa mwa mwana wokwawa. Kenako ziwerengedwe molingana ndi pepala la m'katoni. Pepalalo likhoza kukhala la Chipwitikizi, la Chingelezi kapena la chinenero china, koma zithunzi ndi manambala zimamveka kwa aliyense. Katundu amene wayenda mtunda wautali pa galimoto, n'kudzamaliza ulendo pa njinga yamoto m'njira zafumbi, kawirikawiri amafika kathumba katabooka.

Bawuti likasowa, ntchito iime. Atenge limodzi mwa otsalawo apite nalo kusitolo ya zitsulo kuti akapeze lofanana kunenepa, kutalika ndi mizere yake. Ambiri amakhala a mtundu wa M6 kapena M8, kutanthauza kuti ndi onenepa mamilimita 6 kapena 8, ndipo limodzi sililowa m'nati ya linzake. Msomali sulowa m'malo mwa bawuti. Umagwira bwino tsiku loyamba, koma bedi likamagwedezeka umazuka pang'onopang'ono, ndipo palibe njira youlimbitsiranso. Waya ndi mphira za njinga n'zosayenera kuziganizira n'komwe.

Mabawuti amayala amakhala osiyana pang'ono kutalika, ndipo kusiyanako kuli ndi ntchito. Lalitali likalowa pamalo a lalifupi limatulukira mbali inayo n'kusanduka chobaya. Lalifupi likalowa pamalo a lalitali limangogwira mizere iwiri kapena itatu ya nati, limaoneka ngati lamangika, koma limapulumuka likalemedwa. N'chifukwa chake ayenera kugawidwa m'magulu ntchito isanayambe.

Thabwa lililonse alitembenuze mbali zonse. Mng'alu wochokera pabowo la bawuti ndi woopsa, chifukwa ndi pomwepo pamene pamasenza katundu. Mfundo yaikulu pakati pa thabwa la m'mbali, makamaka la paini, ndi malo othyokera. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa timasonyeza kuti thabwalo lafumbwa mkati. Thabwa lotere libwezedwe kwa wogulitsa lisanamangidwe, chifukwa likangolowa bawuti mkangano wake umavuta. Ngati bedi ndi lachitsulo, ayang'ane powotcherera paliponse, makamaka pamene chitsulo cha m'mbali chikumana ndi mwendo. Powotcherera pa madontho awiri okha, kapena pamene penti wasweka motsata mzere, ndi pokayikitsa. Mapaipi otseguka kumapeto akhale ndi zotsekera, ndipo m'mphepete mwakuthwa mupalidwe.

Bedi lapansi

Ntchitoyi ndi ya akuluakulu awiri, ndipo ichitikire m'chipinda momwe bedilo lidzakhale, popeza likamangidwa silidutsa pakhomo. Amayamba ndi kumutu ndi kumiyendo, kenako matabwa awiri aatali a m'mbali. Pa mabedi ambiri a m'katoni, bawuti limadutsa m'mwendo n'kulowa kunsonga kwa thabwa, kumene limakumana ndi kanati kooneka ngati kamgolo komwe kamalowetsedwa pabowo la m'mbali. Kanatiko kali ndi mzere pamutu. Mzerewo uyang'ane kumene bawuti likuchokera, apo ayi bawuti silipeza bowo lake. Likakana kulowa, asalikakamize ndi hamala. Abweze, atembenuze kanatiko pang'ono ndi sikuludilaiva, ayesenso. Bawuti loyenda bwino limazungulira ndi zala zokha poyamba.

Cholakwa chofala apa ndi kumangitsa bawuti loyamba mpaka kumapeto. Onse alowe kaye momasuka, bedi lizitha kusuntha pang'ono. Akatero ayeze mopingasa, kuchokera pangodya ya kumutu kumanja kufika pangodya ya kumiyendo kumanzere, kenako ngodya ziwiri zinazo. Pa bedi la masentimita 90 m'lifupi ndi 190 m'litali, mkati mwake miyezo yonse iwiri iyenera kukhala pafupifupi 210. Wina ukakhala 208 wina 212, bedi lapotoka, ndipo lapamwamba silidzakhala bwino pa miyendo yake. Kukonza kwake n'kosavuta: kukankha ngodya ya mbali yaitaliyo mpaka miyezo ifanane. Wopanda tepi atha kugwiritsa ntchito chingwe chosatamuka, n'kuika chizindikiro ndi makala.

Miyezo ikafanana ndi pamene amamangitsa, mozungulira bedi lonse, pang'onopang'ono, monga amamangira tayala la galimoto. Kakiyi kopindika kamene kamabwera m'kathumba n'kakafupi dala. Mphamvu ya dzanja limodzi pa kakiyiko ndi yokwanira. Akachita kuwonjezera paipi kuti amange zolimba, mutu wa bawuti umamira m'thabwa ndipo thabwalo limang'aluka, nthawi zina mkati mosaoneka. Akamaliza agwire mwendo umodzi pamwamba n'kugwedeza. Bedi lonse liyende ngati chinthu chimodzi. Polumikiza pakamatseguka ndi kutseka, kapena mwendo wina ukakhala m'malere, asapitirire.

Kukweza lapamwamba

Ngati bedi ndi la zigawo ziwiri, lapamwamba limamangidwa pansi chimodzimodzi, n'kuyezedwa mopingasa, kenako kukwezedwa. Ana atuluke m'chipindamo pa nthawi imeneyi. Pamutu pa mwendo uliwonse wa bedi lapansi pamakhala bowo lolowamo chikhomo chachitsulo kapena chamtengo, ndipo chikhomocho chimalowanso kunsi kwa mwendo wa bedi lapamwamba. Zikhomo zimenezi ndi zinayi, ndipo zonse zinayi zikhalepo. Bedi longosanjikizidwa popanda zikhomo limakhala bata likakhala lopanda munthu, koma mwana wapansi akalikankha ndi mapazi, kapena wapamwamba akadumpha, mwendo umatsetsereka. Akalikhazika ayang'ane polumikiza ponse panayi ndi tochi. Miyendo ikumane ndendende, osasiya mpata woti mpeni ulowe. Ngati pepala likuonetsa tizitsulo kapena mabawuti omangirira zigawo ziwirizo, zimangidwe zonse. Bedi la kwa kalipentala lomwe lilibe cholumikizira chilichonse libwerere kuti akaliikire.

Kenako amayala timatabwa togonekapo matilesi. Lamulo lake ndi lakuti lililonse limangidwe ndi palafuzo kunsonga zonse ziwiri, makamaka a pamwamba. Timatabwa tongoyalidwa timasuntha n'kusiya mpata waukulu, ndipo mwana wogona pansi amakonda kutikankha ndi mapazi posewera. Limodzi likachoka pa kamtanda kake, matilesi ndi mwana zimagwera wapansiyo. Mpata wa pakati pa timatabwa usapitirire masentimita 7.5. Ena amabisa timatabwa tiwiri kuti apangire shelefu, n'kutalikitsa totsalato, koma wopanga anawerenga kuti katundu agawike pa tonse. Womanga alowe pansi n'kukankha thabwa lililonse cham'mwamba ndi chikhatho. Lililonse lonyamuka limangidwenso.

Zotchinga ndi mipata

Apa ndi pofunika kudekha kwambiri. Bedi lapamwamba liyenera kutchingidwa mbali zonse zinayi, kuphatikizapo mbali ya kukhoma. Ambiri amasiya chotchinga cha kukhoma poganiza kuti khomalo n'lokwanira. Koma bedi limasuntha pang'onopang'ono, khoma la zidina siliwongoka ndendende, ndipo pakati pa khoma ndi matilesi pamatseguka mpata umene mwana amatha kutsetserekeramo thupi, mutu n'kutsala. Khoma silipereka mpata woti adzipulumutse. Chotchinga cha kukhoma chiyende kuchokera kumutu kufika kumiyendo popanda podukira. Cha mbali inayo chisiye khomo limodzi lokha lolowera, pamene pali makwerero, ndipo muyezo wa ku Ulaya umati khomolo likhale la pakati pa masentimita 30 ndi 40. Likachepa limapana, likakula mwana amagubudukirapo ali mtulo.

Mipata ina yonse ya m'zotchinga, ya kumutu ndi ya kumiyendo, ikhale ya pakati pa masentimita 6 ndi 7.5. Mpata woposa 7.5 umalola thupi la mwana wamng'ono kudutsa n'kukaniza mutu. Wochepera 6 umalowetsa mkono kapena mwendo n'kuupana. Njira yosavuta yoyesera ndi kudula kathabwa ka masentimita 6 mbali ina ndi 7.5 mbali inayo. Mbali ya 6 ilowe pampata uliwonse, koma mbali ya 7.5 isadutse mosavuta. Amene ali kusitolo ndipo alibe tepi atha kuyesa ndi chiphaso cha BI kapena khadi la kubanki, lomwe m'litali mwake ndi masentimita 8.5 ndi kakusefukira pang'ono. Khadi likadutsa pampata m'litali, mpatawo wakula kale, ndipo palibe chifukwa chofunsiranso. Likakana sindiye kuti zonse zili bwino, pamafunikabe kuyeza kunyumba.

Kuyezaku kuchitike matilesi asanaikidwe. Mpata woopsa kwambiri ndi wa pakati pa thabwa la m'mbali la bedi ndi thabwa loyamba la chotchinga, ndipo matilesi akaikidwa amaubisa. Diso limaona ngati patsekeka, koma siponji imafinyika, ndipo mwendo wa mwana umaikankha n'kudutsa. Tibwerere ku banja la ku Massangulo lija. Atayeza mpata umenewu apeza masentimita 11. Wakula ndi 3.5. Chowathandiza ndi kuti kalipentala adule thabwa lokhuthala masentimita 4, lalitali ngati mpatawo, alimangirire ndi mapalafuzo pamwamba pa thabwa la m'mbali, kuti mpata utsale 7. Kutseka ndi chitenje, chingwe kapena pilo sikuchotsa mpata, kumangoubisa, ndipo chingwe chimawonjezera ngozi ina.

Ayang'anenso ngati pali pamene matabwa awiri akumana ngati mphanda, potambasuka m'mwamba n'kupapatiza kunsi. Malo otere amakola khosi. Mitu ya miyendo ya bedi lapamwamba isatalike kupitirira zotchinga, ndipo isakhale ndi timipira tokongoletsera kapena mabawuti otuluka. Mwana potsika, kolala ya malaya kapena mkanda zimatha kukodwa pamenepo iye ali m'malere. Kalipentala amakonda kusema mitu yokongola pa miyendo ya mlombwa, ndipo pa bedi wamba ilibe vuto, koma pa bedi lapamwamba ndi bwino aidule ilingane ndi chotchinga.

Zotchinga zimangidwe ndi mabawuti, osati kungokolekedwa. Munthu wamkulu azikankhe chakunja ndi mphamvu ngati ya mwana wozitsamira ndi msana, kenako azikokere m'mwamba. Chotchinga chozuka ndi manja chimazukanso ndi bondo la mwana.

Matilesi

Bedi lomangidwa bwino likhoza kuwonongedwa ndi matilesi. Muyezo wa ku Ulaya umafuna kuti chotchinga chitalike masentimita osachepera 16 pamwamba pa matilesi. Ku America amalola mainchesi 5, omwe ndi masentimita pafupifupi 13, koma pamene pansi pali simenti n'kwanzeru kutsata nambala yaikuluyo. Kuwerengera kwake ndi uku: ayeze kuchokera pa timatabwa kufika pamwamba pa chotchinga, achotsepo 16, ndipo yotsalayo ndi malire a kukhuthala kwa matilesi. Mabedi ena amakhala ndi mzere wojambulidwa mkati mwa chotchinga wosonyeza malire omwewo.

Pa bedi la banja lija, kuchokera pa timatabwa kufika pamwamba pa chotchinga ndi masentimita 30. Kuchotsapo 16 patsala 14. Mayi anali atagula kale matilesi a mainchesi 8, omwe ndi masentimita 20, pofuna kuti mwana azigona pofewa. Matilesi amenewa akaikidwa pamwamba, chotchinga chimatsala masentimita 10 okha, ndipo mwana wofunda bulangeti lokhuthala mu Juni amangochikwera n'kugwera kunja. A mainchesi 6, omwe ndi masentimita 15, nawonso apitirira malire pang'ono. Oyenera ndi a mainchesi 4 kapena 5. Okhuthalawo sanatayike, apita pa bedi lapansi, bola mwana wapansi azitha kukhala tsonga osagunda mutu. Poyeza asapsinje matilesi ndi dzanja kuti nambala ikwane, ndipo mabulangeti kapena mphasa zoyalidwa pansi pa matilesi ziwerengedwe pamodzi.

M'lifupi ndi m'litali matilesi adzaze bedi. Pamsika pamapezeka matilesi a miyezo yosiyanasiyana, ena ochokera ku Malawi oyezedwa m'mafiti, ena oyezedwa m'masentimita, ndipo onse amangotchedwa a munthu mmodzi. Matilesi a masentimita 76 akaikidwa m'bedi la 90 amasiya mpata wa 14 akakankhidwira mbali imodzi, ndipo nkhope ya mwana imatha kulowa mmenemo. Wopita kukagula atenge miyezo ya mkati mwa bedi yolembedwa papepala. Pulasitiki yokulungira matilesi atsopano ichotsedwe, chifukwa imaterera komanso ndi yoopsa kwa ana aang'ono. Wofuna kuteteza matilesi ku mkodzo aike pepala lolimba lokwana bwino pansi pa nsalu yoyala.

Makwerero amangidwe ku bedi ndi mabawuti, pamwamba ndi pansi ngati pali mabowo ake. Masitepe atalikirane mofanana, masentimita 20 mpaka 30, chifukwa phazi la mwana watulo limayembekezera sitepe pamalo pamene linapeza inzake. Wamkulu aponde iliyonse ndi phazi limodzi kuti amve ngati ikuzungulira kapena kulira. Ngati m'katoni muli kachitsulo komangirira bedi kukhoma, kaikidwe. Pa khoma la zidina palafuzo sagwira, choncho amangirire ku nsanamira kapena ku thabwa lolimba lomangidwa m'khomalo.

Neti, moto ndi zingwe

Mapepala ambiri a m'makatoni sanena za udzudzu, koma ku Niassa mwana sangagone popanda neti. Bedi losanjikiza limafuna maneti awiri, kapena imodzi yaikulu yofika pansi penipeni yomwe ingapindiridwe pansi pa matilesi apansi mbali zonse. Vuto lili pa zingwe. Chingwe chachitali chomangidwa ku mwendo wa bedi lapamwamba, chotsala chikulendewera, chimatha kukola khosi la mwana wotsika. Neti ya pamwamba imangiriridwe ku mapaso, zingwe zikhale zokoka bwino, zotsala zidulidwe, ndipo pasatsale lupu yoti mutu ungalowe. Ya pansi imangiriridwe ku timatabwa ta bedi lapamwamba ndi tizingwe tatifupi. Neti ipindiridwe mkati mwa zotchinga, pansi pa matilesi, ndipo potulukira pakhale pa makwerero pomwepo kuti mwana asamafunefune khomo mumdima. Mwana auzidwe kuti neti si chotchinga, singamugwire akaitsamira.

Pa chifukwa chomwecho, bedi lisasanduke poyanika zovala. Malamba, zikwama za sukulu za zingwe zazitali, gulaye ndi chingwe chodumphira zikhale ndi msomali wake kukhoma lina. Kandulo ndi koloboyi zisakwere pa bedi ngakhale mwana akuwerengera mayeso, popeza siponji ndi neti zimayaka msanga, ndipo denga la udzu lili pafupi. Katochi kakang'ono kapena nyale ya sola ndi yokwanira, ndipo imathandizanso potsika usiku.

Kuyesa komaliza

Mwana asanagonepo, bedi liyesedwe ndi katundu. Pepala la wopanga likanena makilogalamu amene bedi lapamwamba lingasenze, nambalayo isungidwe. Pakhomo la mlimi pali choyesera chabwino, thumba la chimanga la makilogalamu 50, lomwe limalemera kuposa ana ambiri a ku pulayimale. Anthu awiri aligoneke pakati pa bedi lapamwamba, pansi pasakhale munthu, lichezere usiku umodzi. M'mawa ayang'ane ngati matabwa a m'mbali apindika, ngati polumikiza patseguka, ndiponso ngati pansi pagwa tizidutswa ta thabwa. Thumba silidumpha, choncho mayesowa sapereka chilolezo choti ana azisewera pamwamba. Pamwamba pamagona mwana mmodzi, amakwera ndi kutsika pa makwerero atayang'ana ku bedi, ndipo mng'ono wake wosakwana zaka 6 sakwerako ngakhale masana. Pansi pa makwerero payalidwe mphasa, ndipo makasu, ndowa ndi mipando zichoke pafupi.

Kakiyi kopindika kaja kasatayidwe. Mabawuti amamasuka m'masabata oyambirira pamene matabwa akukhazikika, choncho pakatha sabata imodzi kapena ziwiri onse amangidwenso. Thabwa limafufuma nthawi ya dzinja n'kunyala m'chilimwe, makamaka ngati kalipentala anagwiritsa ntchito matabwa osauma bwino, ndipo bawuti lomwe linali lolimba mu Febuluwale limatha kuzungulira ndi zala mu Seputembala. Bedi likayamba kulira kapena kupendama mwana akamakwera, nthawi yomangitsa yakwana kale. Bawuti longozungulira osagwira limasonyeza kuti bowo lakula kapena mizere yatha, ndipo mwana agone pansi mpaka likonzedwe.

Mwana akagwa kuchokera pamwamba n'kumenyetsa mutu, makolo amuyang'anire tsiku lonse ndi usiku wake. Akakomoka ngakhale kwa kanthawi kochepa, akasanza mobwerezabwereza, akamavuta kudzutsidwa, akagwa ngati wakhunyu, akamalankhula zosokonekera, kapena magazi kapena madzi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Ngati akudandaula khosi kapena msana, asamukhazike tsonga kapena kumubereka. Amunyamule atagona pa chinthu chafulati, mutu ndi khosi zisapindike.